Makona otupa pa pulinta ya 3D: mmene mungapezere nambala ya `pressure_advance`

Tengani kabokosi kamene pulinta yanu yangosindikiza kumene, muyendetse chala pakona. Ngati chala chikukumana ndi kachotupa, kona yake yofufuma ngati yaphukira kunja, kenaka mzere wotsatira n'kuyamba wowonda, musathamangire kumasula malamba kapena kuchepetsa kutentha. Nthawi zambiri vuto limeneli limakhala la pulasitiki amene amafika mochedwa pamene akufunika, n'kumatulukabe pamene sakufunikanso. Chizindikiro china ndi chivindikiro chimene pakompyuta chimakwanira bwino, koma chikasindikizidwa chimakana kulowa pokhapokha mutapala makona ndi mpeni.

Choyambitsa chake chili m'kati mwa mutu wa pulinta. Mota imakankha filamenti, waya wa pulasitiki wolimba uja, kuchokera kumtunda, koma chotuluka pa nozulo ndi pulasitiki wosungunuka amene ayenera kupanikizidwa kuti adutse pa kabowo ka mamilimita 0.4. Filamenti imapanikizika pang'ono, imapindikanso m'chubu, choncho mota ikayamba kuthamanga, mphamvu yoyamba imathera pa kupanikizako. Zimafanana ndi payipi yaitali ya raba yothirira kudimba: mukatsegula mpopi madzi amachedwa kufika, mukatseka amadonthabe kwa kanthawi. Mutu ukamayandikira kona umachepetsa liwiro, koma m'kati kupanikizika kukadalipo, ndiye pulasitiki wochuluka amagwera pamalo aang'ono. Ukachoka pakona n'kuyambanso kuthamanga, m'kati muli mophwa, ndipo mzere umaperewera.

Mu Klipper, imodzi mwa mapulogalamu oyendetsa pulinta, mankhwala ake ndi `pressure_advance`. Mu Marlin chomwechi chimatchedwa `Linear Advance` ndipo chimaikidwa ndi `M900 K`, pamene mu RepRapFirmware lamulo lake ndi `M572`. Ganizo ndi limodzi: mutu ukamawonjezera liwiro, mota ikankhiretu filamenti yoonjezera, ndipo ukamachepetsa, mota ibweze yoonjezerayo. Pano ndikamba za Klipper, chifukwa njira yake yoyesera mungaitsate ndi maso ndi kalipa basi.

Ndi bwino kuona kuti yoonjezerayo ndi yochuluka bwanji, chifukwa zimenezi zimakuthandizani kumvetsa zovuta zimene zingabwere. Tinene kuti mzere ndi wa mamilimita 0.45 m'lifupi, 0.2 kuchindikala, ndipo mutu ukuyenda mamilimita 100 pa sekondi. Kuti zitheke, filamenti ya 1.75 iyenera kulowa pafupifupi mamilimita 3.7 pa sekondi. Klipper imachulukitsa liwiro limeneli ndi nambala yanu ija. Nambala ikakhala 0.04, mota ikankhiratu mamilimita 0.15 okha, kanthu kakang'ono. Koma pa pulinta ya chubu chachitali cha Bowden, imene mota yake yokankha filamenti ili kutali ndi mutu, nambala ikhoza kukhala 0.5, ndipo apo mota iyenera kukankha mamilimita pafupifupi 1.9 ndi kuwabweza pa kona iliyonse. Ndiye chifukwa chake mapulinta a chubu chachitali amamveka phokoso la mota kwambiri mukatsegula `pressure_advance`. Dziwaninso kuti pulasitiki yense wotuluka sachuluka kapena kuchepa. Chimasintha ndi nthawi imene akutulukira basi.

Musanayese, konzani kaye zina ziwiri, apo ayi mudzayeza mphepo. Choyamba, mota izikankha mulingo woona: mukailamula mamilimita 50, ikankhedi 50, ndipo ngati sizikutero konzani `rotation_distance`. Chachiwiri, sankhani kutentha kumene muzisindikizira filamenti imeneyo masiku onse, chifukwa pulasitiki wotentha kwambiri amayenda mosavuta ndipo amafuna nambala yocheperako. Filamenti ikhalenso youma. M'nyengo ya dzinja, PETG amene wakhala pamtunda milungu ingapo amamwa chinyontho, amathetheka pa nozulo n'kumadontha yekha, ndipo makona ake amaipa ngakhale nambala ili yolondola.

Choyesera ndi kansanja ka makona anayi kotchedwa `square_tower.stl`, kamene kamabwera ndi Klipper mu `docs/prints`. Mu silaisa, pulogalamu imene imadula chinthu m'maleya n'kulemba malamulo a pulinta, ikani liwiro lalikulu, monga mamilimita 100 pa sekondi, m'kati musadzazemo kanthu, ndipo kuchindikala kwa leya kukhale pafupifupi magawo atatu mwa anayi a bowo la nozulo, kutanthauza 0.3 pa nozulo ya 0.4. Zimitsani chilichonse chimene chimalola silaisa kusintha yokha kafulumiridwe ka mutu. Palinso kamsampha kamene kamagwira ambiri: silaisa imachepetsa liwiro ikaona kuti leya itha msanga, pofuna kuti pulasitiki azizire. Ikatero, 100 wanu uja amasanduka 30 inu osadziwa, ndipo nsanja yonse imaoneka chimodzimodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Yang'anani nthawi yochepetsetsa ya leya, muitsitse.

Musanayambe kusindikiza, lembani lamulo ili:

```
SET_VELOCITY_LIMIT SQUARE_CORNER_VELOCITY=1 ACCEL=500
```

Lamuloli limachititsa mutu kutsala pang'ono kuima pa kona iliyonse. Cholinga chake n'kukulitsa vutolo dala kuti lioneke ndi maso. Kenaka, ngati mota yokankha filamenti ili pamutu penipeni, lembani:

```
TUNING_TOWER COMMAND=SET_PRESSURE_ADVANCE PARAMETER=ADVANCE START=0 FACTOR=.005
```

Ngati ndi ya chubu chachitali, sinthani mapeto akhale `FACTOR=.020`. Tsopano yambani kusindikiza. Nsanja ikamakwera milimita imodzi, nambala imakweranso ndi 0.005, kapena 0.020 pa ya chubu chachitali, ndiye kansanja kamodzi kakuonetsani nambala zambirimbiri motsatizana. Musadikire kuti ithe ngati makona ayamba kale kung'ambika. Imitsani, filamenti ndi ndalama.

Kuwerenga nsanja ndiye ntchito yeniyeni, ndipo pano musapupulume. Ichotseni pa bedi, muigwire chopendeketsa pafupi ndi zenera kuti kuwala kubwere cham'mbali. Kona imene leya iliyonse imayambira ndi kuthera isiyeni, chifukwa msoko umasokoneza. Yang'anani makona enawo. Pansi mupeza makona otupa. Mukamakwera, kutupa kumaphwa pang'onopang'ono mpaka kona imakhala yakuthwa, khoma lili losalala mbali zonse ziwiri. Mukapitirira, khoma limayamba kuwonda chakufupi ndi kona, kenaka timipata timaoneka, mwina mpaka kuwala kumadutsa. Pamenepo mota ikubweza filamenti yambiri kuposa yofunika. Chikhadabo chimamva bwino kuposa diso: chiyendetseni pakhoma kulowera kukona, chikakwera kachitunda ndiye kuti nambala yachepa, chikagwera m'kadzenje ndiye kuti yachuluka.

Tiyerekeze kuti pulinta yanu ili ndi mota pamutu, mwasindikiza PLA, ndipo mwaona kuti kutupa kwatha pa mamilimita 9 kuchokera pansi, makona akuoneka bwinobe mpaka pa 11, ndipo pa 14 khoma layamba kuwonda. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
pressure_advance = START + kutalika * FACTOR
0 + 9 * 0.005 = 0.045
```

Mwina mufunsa kuti bwanji osatenga 11. Pakakhala kukayika, tengani ya m'munsi. Kona yotupa pang'ono imangoipitsa maonekedwe, koma kampata pakhoma ndi malo amene chinthu chidzathyokere, ndipo ngati ndi chotengera madzi, ndi pamene chidzadonthere. Ine ndimaona kuti anthu amataya nthawi kusiyanitsa 0.045 ndi 0.047, kusiyana kumene diso silingakuone. Lembani nambalayo mu `printer.cfg`:

```
[extruder]
pressure_advance: 0.045
```

Kenaka lembani `RESTART`. Lamuloli limachotsanso malire a liwiro amene munaika poyesa. Mukaiwala, mudzadabwa pulinta ikukwawa tsiku lonse. Pafupi pomwepo pali `pressure_advance_smooth_time`, imene imabwera ili pa masekondi 0.040. Isiyeni choncho. Ndi yofewetsa kayendedwe ka mota kuti isamadzidzimuke, ndipo mapulinta ambiri safuna kuti muikhudze.

Mukapeza nambala, bwererani mu silaisa, chifukwa mwina muli zigamba zakale zimene munaika pofuna kubisa vuto lomweli. Zimitsani `Coasting`, imene imasiya kukankha filamenti mzere usanathe, ndipo kukankha koonjezera poyamba mzere kubwezeni pa ziro. Mukazisiya, vuto limodzi likonzedwa kawiri, ndipo msoko udzakhala ndi mpata. Kubweza filamenti mutu ukamadumpha malo nakonso kumafuna kuchepetsedwa, popeza kupanikizika kumakhala kutaphwa kale mzere ukamatha. Yambirani pa mamilimita 0.75, muonjezere pokhapokha ulusi ukamaonekabe.

Nambala imene mwapeza ndi ya filamenti imeneyo, nozulo imeneyo ndi kutentha kumeneko. PETG kawirikawiri amafuna yokulirapo kuposa PLA, ndipo TPU, popeza ndi wofewa, amafuna yaikulu koposa. Mukasintha nozulo kupita pa 0.6, bowo lakula, kupanikizika kwachepa, ndiye yesaninso. Ngakhale PLA wa kampani ina kapena wa mtundu wina akhoza kusiyana. Njira yosavuta ndi kusunga nambala ya filamenti iliyonse mu silaisa, pa malamulo oyambira a filamentiyo, monga `SET_PRESSURE_ADVANCE ADVANCE=0.045`, n'kuilembanso ndi cholembera pa gudumu lake.

Pali zina zimene nambala imeneyi singachize. Mafunde ang'onoang'ono obwerezabwereza pakhoma mukangodutsa kona ndi kunjenjemera kwa pulinta: onani malamba, zomangira ndi `input_shaper`. Khoma likakhala lonenepa paliponse, osati pakona pokha, ndiye kuti pulasitiki akutuluka wambiri, chepetsani mlingo wake mu silaisa. Kutupa kwa leya yoyamba yokha ndi nozulo yoyandikira bedi kwambiri.

Eni mapulinta a chubu chachitali amvetsere mota. Ikayamba kulira "tha, tha" pa makona, kapena mukapeza ufa wa filamenti pa mano a giya, ndiye kuti ikulephera kukankha ndi kubweza msanga mamilimita aja tinawerenga. Chepetsani `max_accel` mu `printer.cfg` kuti mota ipeze mpata. Onaninso zogwirira chubu kumapeto onse awiri: gwedezani chubu ndi dzanja, chikamasuntha kulowa ndi kutuluka, kusunthako kumadya kukankha kwa mota, ndipo nsanja idzakupatsani nambala yaikulu yabodza. Sinthani chogwirira kapena ikani kampheta kotsekera, dulani chubu mowongoka, kenaka muyesenso. Ngati mwafika pa 1.000 makona osasintha, vuto lili kwina. Bwezani nambala pa ziro, muyambe kufufuza nozulo yotsekeka pang'ono kapena giya yoterereka.