Musadikire tsiku lobweza ngongole ya banki m'khonde lidutse musanapemphe kuwonjezerwa nthawi

M'miyezi yapitayi ndayendera magulu angapo a banki m'khonde m'dera la Ngabu mpaka kutsikira ku Bangula, ndipo pafupifupi m'kaundula aliyense amene mlembi wanditsegulira ndapezamo vuto limodzi. Membala akaona kuti ndalama yobweza ngongole siikwana pa tsiku limene anagwirizana ndi gulu, amangosiya kubwera ku msonkhano. Sabata yoyamba amatuma mwana kudzanena kuti mayi apita kumaliro, sabata yachiwiri akuti ali kudimba, ndipo akadzatulukira patatha miyezi iwiri, ngongole ija imakhala yakula moti mwini wakeyo saikhulupirira.

Kulephera kubweza pa nthawi yake si chinthu chachilendo kuno kuchigwa cha Shire. Chaka china madzi a mtsinje wa Shire kapena Ruo amakokolola munda, monga tinaonera ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023, ndipo chaka china dzuwa limawotcha mapira asanakhwime. A komiti nawonso amalima m'minda yomweyo, choncho zimenezi amazidziwa bwino. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi manyazi amene akuchititsa anthu kubisala, chifukwa manyaziwo ali ndi mtengo wake umene tingauwerenge m'makwacha.

Nditenge nkhani ya mayi wina amene sindimutchula dzina. Mu Febuluwale iye anakongola K60,000 yogulira mankhwala opopera thonje ndi kulipira aganyu opalira, pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi, kuti abweze pakatha miyezi itatu. Mwezi woyamba ndi wachiwiri anapereka chiwongoladzanja cha K12,000 mosavuta. Mu Meyi anayenera kutula K72,000, koma thonje linali lisanagulitsidwe ndipo m'manja anali ndi K22,000 yokha ya chitowe. Ataona kuti ndalamayo ndi yochepa, anaimanga pansonga ya chitenje n'kukhala kunyumba, kenaka inathera ku zina ndi zina za pakhomo. Malamulo a gulu lawo, monga a magulu ambiri amene ndawaona, amati chiwongoladzanja chosaperekedwa chimaphatikizidwa ku ngongole. Motero mu Juni K72,000 ija inasanduka K86,400, ndipo mu Julayi inafika K103,680, osawerengera chindapusa cha kujomba misonkhano yonse ija.

Nditamufunsa chifukwa chimene sanapitire ndi K22,000 ija, anandiyankha kuti, “Alangizi, ndikanaima bwanji pamaso pa anzanga ndi ndalama yosakwana? Ndinapita kwa amayi apampando usiku kukawauza, ndipo anati amva.” Apampando anamvadi, koma m'kaundula simunalembedwe chilichonse. Pamapeto pake mayiyu anagulitsa mbuzi yake yabere kwa mavenda pamtengo wolira, pakuti venda amamudziwa munthu amene wapanikizika.

Chizolowezi chopita kunyumba kwa wapampando kapena msungichuma usiku ndicho chimanditopetsa kwambiri, chifukwa takhala tikuchiletsa chiyambire kuphunzitsa za magulu amenewa. Bokosi losungiramo ndalama za gulu lili ndi maloko atatu ndipo makiyi ake amasungidwa ndi anthu atatu osiyana ndi cholinga choti pasakhale nkhani ya ndalama yokambidwa kuseri. Ndalama imene munakongola ndi masheya a mamembala onse, si ya komiti, choncho wapampando alibe mphamvu yokuwonjezerani ngakhale tsiku limodzi payekha. Akakuuzani kuti wamva, wangokulemekezani monga mlendo amene wafika pakhomo pake. Tsiku la msonkhano mlembi adzawerenga zimene zili m'buku, ndipo wapampando akayesa kukuikirani kumbuyo, anzanu ayamba kunong'onezana kuti pali kukondera kapena chibale. Magulu ena abwino atha chifukwa cha manong'onong'o otere.

Tsopano tiyeni tione mmene zikanakhalira mayi uja akanaima pamsonkhano wa mu Meyi ndi K22,000 yake. Pa ndalamayo, K12,000 ikanalipira chiwongoladzanja cha mweziwo ndipo K10,000 ikanadula ngongole kufika pa K50,000. Mu Juni, atagulitsa thonje loyamba, akanapereka K30,000, kutanthauza K10,000 ya chiwongoladzanja ndi K20,000 yodula ngongole, n'kutsala ndi K30,000. Mu Julayi akanamaliza ndi K36,000. Zonse pamodzi ndi K88,000, pamene pobisala anafika pa K103,680 m'mwezi womwewo wa Julayi. Kusiyana kwa K15,680 kumeneku kwabwera chifukwa chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama imene yatsala, ndiye kangachepe kalikonse kamene mwadula msanga kamachepetsa za mwezi wotsatira. Gulu nalonso silikanataya kanthu, popeza ndalama yobwera mwezi ndi mwezi ikanabwerekedwanso kwa mamembala ena amene ankadikira pamzere.

Ena amabwera ndithu ku msonkhano, koma pempho lawo limangoti, “Ndidzabweza ndikakolola,” kapena “ndikapeza.” Mawu amenewa mlembi sangawalembe chifukwa mulibe tsiku ndiponso mulibe ndalama, ndipo mamembala akakana pempho lotere musawanene kuti ndi ouma mtima. Kuno timakolola kangapo pachaka, chitowe ndi mapira kumunda, thonje pambuyo pake, kenaka chimanga ndi mbatata za kudimba madzi akaphwa, ndiye gulu liyenera kudziwa kuti mukunena zokolola ziti. Palinso malire amene ambiri amaiwala: nthawi yowonjezerayo siingapitirire tsiku logawana. Ngati gulu lanu limagawana mu Disembala, gawo lomaliza la ngongole liyenera kulowa m'bokosi kukadali milungu ingapo, apo ayi zotsalazo zidzadulidwa ku masheya anu, ndipo inu mudzabwerera kunyumba chimanjamanja pamene anzanu akukagula mbewu. Ngati masheyawo sakwana, mwadziwa kale kuti nkhani imathera kwa amfumu ndipo katundu amatuluka m'nyumba.

Ndachenjezanso anthu angapo amene amakatenga katapila kuti atseke ngongole ya gulu n'cholinga choti dzina lawo lisatchulidwe pamsonkhano. Chiwongoladzanja cha katapila ndi chokwera kuposa cha gulu, ndipo sichibwerera kwa inu pa tsiku logawana monga chimachitira cha banki m'khonde.

Zoyenera kuchita ndi zochepa. Lankhulani pamsonkhano kukadali sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lobweza lisanafike, ndipo mungadziwitse wapampando pasadakhale kuti akupatseni mpata wolankhula, osati kuti agamule. Lembani papepala, kapena mupemphe wina akulembereni, ndalama imene yatsala, chimene chachititsa vutolo, masiku a misonkhano imene mudzapereke, kuchuluka kwa gawo lililonse ndi kumene ndalamayo idzachokere. Bwerani ndi chiwongoladzanja cha mweziwo m'manja ngakhale zitavuta bwanji, ndipo musalonjeze gawo lalikulu pofuna kusangalatsa anthu, chifukwa kuphonya kachiwiri n'kovuta kukhululukidwa. Ngati vuto lake ndi matenda, maliro kapena nyumba yogwa ndi madzi, funsani zimene malamulo anu amanena za thumba la zadzidzidzi, pozindikira kuti thumbalo ndi lothandiza pa vutolo, si lobwezera ngongole. Gulu likavomera, onetsetsani kuti mlembi walemba masiku atsopanowo m'kaundula ndi m'kabuku kanu, ndipo musayine kapena kudinda chala bokosi lisanatsekedwe.