Momwe mungadziwire ngati SARS ikukuwerengani kuti ndinu wokhala ku Joni

Ngati mumagwira ntchito ku Joni miyezi ingapo n'kubwera kudzalima kumudzi, dziwani izi poyamba: malipiro amene mwagwirira ntchito m'dziko la South Africa amadulidwa msonkho komweko, kaya ndinu wokhala kumeneko kaya ayi. Chimene chimasintha ndi ndalama zanu za kuno. Bungwe lotolera msonkho la SARS likakuwerengani kuti ndinu wokhala kumeneko, limafunanso kudziwa za lendi ya nyumba yanu ya ku Area 25 ndi phindu la golosale yanu. Pasipoti ya Malawi siikutetezani pa nkhaniyi.

Yambani ndi funso lakuti kwanu kwenikweni ndi kuti. Ngati munasamutsa mayi ndi ana, katundu ali uko, ndipo kuno mumangobwera kudzaona makolo, SARS ikhoza kukuwerengani kuti ndinu wokhala kumeneko popanda kuwerenga masiku n'komwe. Koma ngati banja, nyumba ndi munda zili kuno, pitani pa kuwerenga masiku.

Pano m'pamene panandivuta, ndipo ndikupemphani mudekhe. Zinthu zitatu ziyenera kukwanira pamodzi: mwakhala uko masiku oposa 91 m'chaka chino cha msonkho, masiku oposa 91 m'chaka chilichonse cha zaka zisanu zapitazo, komanso masiku a zaka zisanuzo mukawaphatikiza apose 915. Chimodzi chikapanda kukwanira, simuli wokhala uko.

Vuto lili pa chakacho. Chaka cha msonkho ku South Africa chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale. Munthu amene anakhala uko kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 30 Epulo amaona ngati ali ndi masiku 120 m'chaka chimodzi, pamene zoona zake ndi 59 m'chaka china ndi 61 m'chaka chotsatira. Chidutswa cha tsiku chimawerengedwa ngati tsiku lathunthu, ndiye ngakhale mutalowa usiku, tsikulo lalowa m'chiwerengero. Gwiritsani ntchito zidindo za pa Beitbridge kapena pa bwalo la ndege la OR Tambo. Cha ku Mwanza chimangoonetsa tsiku limene munatuluka m'Malawi, pomwe basi imatha nthawi ikudutsa ku Tete ndi ku Zimbabwe. Ine pasipoti yanga yakale inali ndi zidindo zofufutika, zina zodindidwa pamwamba pa zinzake, moti ndinachita kufufuza matikiti a basi ndi mapepala a malipiro kuti madeti agwirizane. Jambulani chidindo ndi foni tsiku lomwelo, ndipo pasipoti yotha ntchito musataye.

Tiyerekeze mmisiri womanga nyumba amene amalowa pa 1 Meyi atakolola, n'kutuluka pa 30 Novembala mvula ikamayamba. Amenewo ndi masiku 214 pa chaka, ndipo pa zaka zisanu akukwana 1,070. Chaka chachisanu ndi chimodzi akangodutsa masiku 91, amawerengedwa kuti ndi wokhala uko kuchokera pa 1 Malichi chaka chomwecho, osati kuchokera tsiku limene wadutsa masiku 91 aja. Mnzake amene amabwerera kumapeto kwa Seputembala amakhala masiku 153, onse pamodzi 765, ndiye sakufika. Ndipo woyamba uja akanakhala kuti chaka china anadwala n'kungokhalako masiku 80, unyolo ukanaduka.

Samalani ndi anthu a pa WhatsApp amene amati "tikukonzerani za msonkho" n'kumafuna gawo la ndalama zimene mubwezeredwe. Kulembetsa pa eFiling, njira ya SARS yolembera za msonkho pa intaneti, n'kwaulere. Wokuthandizani molipiritsa ayenera kukhala wolembetsedwa ku SARS, choncho mufunseni nambala yake, ndipo mawu achinsinsi musampatse. Akanama pa fomu, chilango chimagwera inu.

Kenako werengani za kuno. Mukakhala m'Malawi masiku 183 kapena kuposerapo m'miyezi 12, MRA imakuwerengani kuti ndinu wokhala kuno. Msonkho wa ku Malawi umatsata kwambiri kumene ndalama zachokera, ndiye lendi ija MRA ili nayo ntchito ngakhale muli kutali. Sungani malisiti, chifukwa SARS imalola kuchotsera msonkho umene munalipira kale kuno pa ndalama zomwezo. Mayiko onse awiri akamakuwerengani kuti ndinu wawo, pali mgwirizano wa pakati pawo woletsa kudulidwa kawiri, ndipo apo pezani akauntanti weniweni.

Zotsalazo n'zachidule. Tengani IRP5, chikalata cha malipiro anu ndi msonkho umene wadulidwa, kwa abwana anu, lembani fomu ya msonkho ya ITR12 pa eFiling, yankhani moona funso la kukhala. Ngati munakhala wokhala uko chifukwa cha masiku ndipo mwabwerera kumudzi, mumasiya kuwerengedwa mukatha masiku 330 athunthu motsatizana muli kunja kwa South Africa, ndipo muwadziwitse a SARS, musangokhala chete.