Bambo wa zaka 50 asalowe kumunda ndi tiyi wokha

Chaka chatha, nthawi yothira feteleza, ndinapeza bambo wina wa zaka 58 pafupi ndi Ulongwe akudikira mdzukulu kuti awakwezere thumba la makilogalamu 50 panjinga. Sankadwala. Anangoti, "Alangizi, manjawa atha." Nditawafunsa zimene anadya dzulo lake, anati m'mawa tiyi ndi mbatata ziwiri, masana nsima ya nkhwani wofutsa, madzulo nsima ya nyemba. Mimba inkakhuta ndithu, koma minofu inkagona ndi njala.

Munthu akadutsa zaka 50, minofu imayamba kuphwa pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Thupi limachitanso ulesi kugwiritsa ntchito mapuloteni, chakudya chomanga thupi chija, moti kandiwo kochepa kamene kankakukwanirani muli mnyamata tsopano sikafika patali. Mlingo wabwino kwa wachikulire ndi galamu imodzi kapena kupitirira pang'ono pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Bambo aja ankalemera makilogalamu 60, choncho ankafunika magalamu 60 mpaka 70 patsiku. Nditawerengera mbale zawo ndinapeza ngati 40, ndipo ambiri mwa iwo ankabwera madzulo okha.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kudya mbuzi yambiri Lamlungu sikulipira ngongole ya masiku asanu ndi limodzi aja. Minofu imamangika bwino ikamalandira magalamu 20 kapena 25 pa chakudya chilichonse, katatu patsiku. Chakudya chimene timachinyozera kwambiri kuno ndi cha m'mawa.

Tinayamba ndi soya, poti anali naye m'nkhokwe akudikira ogula. Tinamukazinga mpaka kafungo kauwisi katatha, tinamupeta, n'kukagayitsa. Osagayitsa wosakazinga, amatupitsa m'mimba ndipo thupi silimugaya bwino. M'phala la mgaiwa la munthu mmodzi, masipuni akulu anayi odzaza a ufa wa soya ndi awiri a nsinjiro amafikitsa mbaleyo pa magalamu ngati 20. Dzira limodzi lowiritsa limawonjezera 6. Abambo ena amati phala ndi la ana a kusikelo. Ndimangowayankha kuti khasu silifunsa dzina la chimene mwadya.

Masana tinaikapo kapenta wa ku Cahora Bassa, yemwe uja wadzaza m'misika yathu. Dzanja limodzi lodzaza la kapenta wouma, magalamu ngati 30, limapereka mapuloteni oyandikira 18. Koma ubwino wake weniweni uli m'mitu ndi m'minga. Mafupa a bambo wa msinkhu uwu amafuna kashiamu wokwana mamiligalamu 1,000 patsiku, ndipo 1,200 akadutsa zaka 70. Kumudzi kumene mkaka sumwedwa tsiku lililonse, tinsomba todyedwa ndi minga yomwe ndi timene timatseka dzenje limeneli. Dzanja limodzi lija limatha kufika theka la mlingowo. Ndiye mayi akamadula mitu ya kapenta n'kuponyera mphaka, dziwani kuti amene akulimba mafupa ndi mphakayo. Ngati mano aguluka, sinjani kapentayo akhale ufa, muzithira m'masamba otendera. Bonongwe, mpiru ndi masamba a chinangwa amawonjezeranso kashiamu.

Kapenta wina amabwera ndi mchere wambiri. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi amuviike kaye m'madzi ofunda, ataye madziwo, ndipo asathirenso mchere mumphika. Amene anauzidwa kuchipatala kuti impso zawo sizikugwira bwino asawonjezere mapuloteni paokha, akambirane kaye ndi adokotala. Kachasu ndi fodya zimafooketsa mafupa, ndipo kachasu amaphanso njala, munthu n'kugona osadya ndiwo.

Madzulo sitinasinthe zambiri. Tinangoti nyemba, khobwe kapena nandolo zikhale zodzaza kapu, osati msuzi wongonyowetsera mbamu. Kapu ya nyemba zophika ili ndi magalamu ngati 15, nsima n'kuwonjezera pamenepo.

Chakudya chokha sichimanga minofu imene sikugwira ntchito. Nyengo yolima khasu limathandiza, koma mukakolola, kuyambira Juni kukafika Seputembala, abambo ambiri amangokhala pabawo. Miyezi imeneyo tengani zigubu ziwiri za malita asanu zodzaza madzi, muzinyamule ndi kuzitsitsa kakhumi, mupume, mubwerezenso, masiku atatu pamlungu.

Kuti mudziwe pamene muli, khalani pampando, pindani manja pachifuwa, muimirire ndi kukhala kasanu mofulumira, wina akuwerenga nthawi pafoni. Mukapitirira masekondi 15, miyendo yayamba kufooka. Bambo a ku Ulongwe aja anatenga 17 tsiku loyamba. Nditabwererako patatha miyezi itatu anatenga 13. Thumba la feteleza ankalikwezabe ndi mdzukulu, koma uyu mbali iyi, iwo mbali inayo. Ngati mukudya chonchi koma lamba akungokhwepa ndipo thupi likutsikabe, kayezetseni shuga, TB ndi HIV kuchipatala, osadikira kuti phala likonze.