Momwe mungagonekere mapasa nthawi imodzi, ndi zochita wina akamadzutsa mnzake usiku

Mayi wa mapasa amatopa kwambiri chifukwa choti anawo amagona mosinthana. Wina akangogona mnzake amadzuka, ndipo mayi amachezera usiku wonse bere lili pakamwa pa mwana. Vutoli limaoneka usiku, koma kulikonza kwake kumayambira m'mawa.

Musanayambe, werengani bwino msinkhu wawo. Mapasa ambiri amabadwa masiku asanakwane, ndipo tulo tawo timatsatira tsiku lomwe amayenera kubadwa. Ngati ali ndi miyezi 5 koma anafulumira ndi masabata 4, atengeni ngati ana a miyezi 4. Ngati akadali ang'onoang'ono kwambiri, kapena akadali pa kangaru, ndondomeko ino idikire kaye. Tsatirani zomwe anamwino anakuuzani, zomwe nthawi zambiri zimakhala kuwayamwitsa maola awiri kapena atatu aliwonse, ngakhale powadzutsa.

Adzutseni pamodzi m'mawa

Sankhani nthawi imodzi, mwachitsanzo 6 koloko, ndipo muisunge tsiku lililonse. Woyamba akadzuka, mnzakeyo mudzutseni pasanathe mphindi 15. Zimapweteka mtima kudzutsa mwana yemwe ali mtulo tabwino, makamaka inu mutachezera, koma mukamulekerera ola lathunthu ndiye kuti tsiku lonse awiriwa ayenda motalikirana ndi ola limenelo. Tsegulani zenera kapena tulukani nawo pakhonde. Kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumaphunzitsa thupi la mwana kusiyanitsa usana ndi usiku.

Kenako ayamwitseni pamodzi. Ikani mapilo m'mbali mwanu, mwana aliyense miyendo yake iloze kumbuyo kudutsa kukhwapa kwanu, mutu uli m'dzanja lanu. Yambani kuika pabere amene amavutika kugwira, wachangu abwere pambuyo, ndipo muziwasinthanitsa mabere. Ngati njirayi ikukanika, yamwitsani mmodzi, mnzake atsatire pomwepo. Ana omva njala nthawi imodzi amayambanso kusinza nthawi imodzi.

Tulo ta masana

Chofunika kuchiwerenga ndi kutalika kwa nthawi yomwe akhala maso. Khanda la masabata ochepa limatopa pakangotha pafupifupi ola limodzi. Wa miyezi 4 amapirira ola limodzi ndi theka kapena awiri, ndipo wa miyezi 6 amafika maola awiri kapena atatu. Koma mapasa salingana. Nthawi zambiri pamakhala watulo ndi wina wamaso gwa.

Yang'anirani amene amafulumira kutopa. Akayamba kuyasamula, kutikita maso kapena kuyang'ana kumbali mukamamuseweretsa, agonekeni onse awiri. Mukadikira wamaso gwa uja, watuloyu atopa mopitirira, ndipo mwana wotopa kwambiri savomera kugona: amalira, amadziwongola, akagona sachedwa kudzidzimuka. Wina akadzuka msanga, mnzake mpatseni mphindi 15 mpaka 30 zokha, kenako mudzutseni.

Tiyerekeze ndi ana a miyezi 4 aja. Adzuka 6 koloko ndi kuyamwa, ndipo cha m'ma 7:30 agonekedwa onse. Wamkulu wadzuka 8:15, wamng'ono akadali mtulo. Wamkulu mutengeni mutuluke naye, ndipo ikafika 8:40 kadzutseni wamng'ono. Kugona kotsatira muwerengere kuchokera pamene wamkulu anadzukira, ndiye kuti cha m'ma 10 koloko onse abwerere pogona. Wamng'ono angachedweko pang'ono kugona, palibe vuto. Ngati muli nokha, mmodzi mungamubereke kumbuyo, bola khosi lake likhale litalimba ndiponso nkhope isabisike m'chitenje, pamene winayo mukumusisita pogona pake. Tulo tomaliza ta madzulo tisafike pafupi ndi nthawi yogona usiku.

Wina akadzuka usiku

Apa pali njira ziwiri, ndipo ambiri amalakwitsa posazindikira nthawi yosinthira.

M'miyezi itatu kapena inayi yoyambirira, mmodzi akadzuka ndi njala, mnzake mudzutseninso ayamwe. Simufunika kumudzutsiratu: mtukuleni, mumuike pabere ali chisinzire, ageye, abwerere pogona. Musayatse nyale yowala, musacheze nawo, ndipo thewera musinthe pokhapokha ngati wachita chimbudzi kapena lanyowa kwambiri. Mukapanda kumudzutsa mnzakeyo mudzuka 1 koloko chifukwa cha wamkulu, 2 koloko chifukwa cha wamng'ono, mpaka tambala kulira.

Akapitirira miyezi inayi, ndipo kusikelo akukuuzani kuti onse akukwera bwino, siyani kudzutsa wogonayo. Mwina iye wayamba kale kutha kugona maola asanu kapena kuposerapo, ndipo inu ndi amene mukumuzoloweza kudzuka. Yesani masiku atatu kapena anayi. Ngati akudzukabe yekha pasanathe ola limodzi mnzake atayamwa, bwererani ku njira yoyamba kwa masabata awiri, mudzayesenso.

Nanga wolirayo? Mvetserani kaye pang'ono. Ana amang'ung'udza ndi kuphiriphitha akamachoka m'tulo tina kulowa m'tina, pafupifupi ola lililonse, ndipo ambiri amagonanso okha. Mantha oti adzutsa mnzake ndi amene amakuthamangitsani kukamunyamula, mapeto ake amazolowera kuti kudzidzimuka kulikonse kumatha ndi bere. Chikhalirecho mapasa ambiri amazolowerana kulira, moti wina amatha kugona mnzake akulira pambali pake. Kulira kukakula, yambani ndi kumuika dzanja pachifuwa ndi kumutonthoza chapansipansi. Zikakanika mnyamuleni mutuluke naye m'chipindamo. Mkokomo wapansipansi wa fani, ili kutali ndi ana, umathandiza kuphimba phokosolo.

Onse akadzuka, musalimbane nazo nokha ngati m'nyumba muli munthu wina. Bambo, agogo kapena azakhali atenge amene alibe njala kwenikweni. Ndi bwino kugawana madzulo kuti uyu ndi wa ndani usiku uno, kusiyana ndi kukambirana 2 koloko ana akulira. Mukakhala nokha, yambani ndi amene satenga nthawi kutonthola, kuti manja anu amasuke msanga.

Ngati mmodzi yemweyo akudzutsa mnzake usiku uliwonse, atalikitseni pogona kwa sabata imodzi kapena awiri: pogona pa wina pakhale kunja kwa bedi lanu mbali ino, pa winayo mbali inayo. Onse akhalebe m'chipinda chanu mpaka miyezi 6.

Pogona pawo

Mapasa obadwa osakwana masiku kapena ochepa thupi ali pachiopsezo chachikulu cha kufa mwadzidzidzi ali mtulo, choncho apa musachite zachidule. Agone chagada nthawi zonse, pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo kapena bulangete lofika kumaso. Chabwino koposa ndi aliyense pake. Ngati akadali makanda ndipo malo ndi amodzi, pakhale mpata pakati pawo, koma akangoyamba kutembenuka okha alekanitseni. Ana obadwa ang'ono chonchi asagone pabedi limodzi ndi akuluakulu, makamaka ngati wina wamwa mowa kapena amasuta, ndipo musasinze nawo pasofa. Neti iphimbe onse awiri, yopindiridwa bwino kuti isawagwere kumaso. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi avekeni chovala chowonjezera, mbaula ya makala isalowe kuchipinda.

Mwana amene amagona bwino akasintha mwadzidzidzi, musafulumire kuganiza za ndondomeko. Thupi likatentha kapena kuzizira, akamakana kuyamwa, akamapuma mothamanga kapena chifuwa chikulowa mkati, kapena akamavuta kudzutsa, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku. Ndondomeko mudzaiyambanso akachira, kuyambira pa kudzuka kwa m'mawa, ndipo mupatseni sabata imodzi kapena awiri kuti agwirizanenso ndi mnzake.