Mukamaitanitsa zipangizo zamagetsi kunja, lembani nambala yonse

Kalata yongoti "nditumizireni 555 khumi" ikhoza kukubweretserani katundu wosalowa pa bolodi lanu. 555 ndi kachipangizo kamagetsi kowerengera nthawi, ndipo kali ndi mitundu ingapo. NE555P ili ndi miyendo isanu ndi itatu yolowa m'mabowo, pomwe NE555D ndi kachipangizo komatidwa pamwamba pa bolodi, kovuta kuwotcherera ndi chida wamba. Chilembo chomalizacho ndicho chimasiyanitsa. Choncho pa mzere uliwonse lembani nambala yonse, wopanga, ndi kuchuluka: NE555P, Texas Instruments, 10. Onjezerani ziwiri kapena zitatu, chifukwa china chimapsa powotcherera ndipo kutumizitsanso kumadula kuposa chipangizocho. Auzeninso ogulitsa kuti ngati chatha asasinthe ndi china osakufunsani.

Za ulendo, afunseni ngati kampani yonyamula imafikitsa ku Chipata kapena imathera ku Lusaka, ndipo akupatseni nambala yolondolera phukusi. Apempheni alembe mtengo weniweni ndi HS code, nambala yosonyeza gulu la katundu powerengera msonkho, pa invoisi. 555 imagwera pa 8542. A ZRA amawerengera msonkho pa mtengo wa katundu, wonyamulira ndi inshuwalansi pamodzi, osati pa katundu yekha. Ogulitsa akalemba DAP pa invoisi, msonkho mulipira nokha. Akalemba DDP, alipira iwo.