Madzi odya sopo: chochita musanayambe kuchapa

Amayi ambiri amene amatunga pamjigo amadandaula kuti sopo masiku ano ndi wachabe. Koma nthawi zambiri vuto limakhala madzi, ndipo mukhoza kutsimikiza nokha. Kuno ku Mzuzu mvula sisowa, ndiye kingani madzi a padenga m'botolo limodzi, lina muthiremo apamjigo, onse theka. Palirani sopo wamtanda wofanana m'mabotolo onsewo n'kukhutchumula. Amvula achita thovu msanga. Apamjigo akayera ngati mkaka, n'kuyandamitsa timibulu tonga chambiko, dziwani kuti muli kashiyamu ndi maginiziyamu.

Michere iwiriyi madzi amaitenga m'miyala pansi panthaka. Ikakumana ndi sopo imamugwira n'kusanduka litsiro loyera lija lomata m'mbali mwa beseni. Thovu limayamba pokhapokha mchere wonse wagwidwa, choncho sopo woyambayo amangopita pachabe. Litsirolo n'limene limachititsa malaya oyera kutuwa ndi thaulo kuuma gwa.

Kuwiritsa kumathandiza, koma mbali imodzi yokha. Mchere wa mtundu wa baikaboneti umatsika pansi madzi akawira, ndipo ndiwo makoko oyera amene mumawaona m'ketulo. Wa mtundu wa salifeti ndi kolorayidi sutsika, ngakhale muthe thumba la makala. Ndipo ndani angawiritse ndowa zitatu zochapira?

Njira yomwe ine ndimalangiza ndi soda wochapira, amene akatswiri amalemba kuti Na2CO3. Ameneyu amatsitsa kashiyamu wa mitundu yonse iwiri. Tinene kuti madzi anu ayezedwa ndipo ali ndi mamiligalamu 250 a mcherewu pa lita, omwe ndi ochuluka ndithu, chifukwa kupitirira 180 amati afika poipa. M'ndowa ya malita 20 muli magalamu 5 a mcherewo, ndipo pamafunika soda wouma pafupifupi magalamu 5 omwewo, kasupuni kamodzi ka tiyi kodzaza. Sungunulani kaye m'kapu ya madzi ofunda, thirani m'ndowa, takasani. Madzi achita mbuu. Asiyeni usiku wonse, m'mawa mutsanule apamwamba mosamala, matope oyera atsale pansi. Ambiri amalakwitsa pothira soda ndi sopo nthawi imodzi, sopo n'kudyedwabe.

Soda wathu wophikira therere si yemweyo, ndipo payekha sachita zambiri. Koma mukamukazinga wouma m'poto wachitsulo pamoto wamphamvu, mpaka asiye kutulutsa nthunzi n'kuyamba kuoneka ngati timchenga, amasanduka wochapira. Chidulo cha phulusa la nkhuni nachonso chimagwira ntchito yomweyi, kungoti mphamvu yake imasiyanasiyana.

Mukaona madzi akuterera kwambiri ndipo manja akuyabwa, soda wachuluka, chepetsani mawa lake. Musagwiritse poto wa aluminiyamu, amadyeka. Madzi othira sodawa ndi ochapira basi, osamwa kapena kuphikira. Akumwa asiyeni momwemo: kashiyamu savulaza thupi, ndipo kolorini amene mumathira amapha tizilombo koma mcherewo sauchotsa.