Kuweta nkhuku ku Lusaka muli ku Joni: yang'anirani matumba a chakudya

Mabanja ambiri a kwathu ku Katete, Chadiza ndi Chipata amene akukhala m'makomboni a Lusaka ali ndi m'bale amene akugwira ntchito kunja, makamaka ku Joni ndi ku Gaborone. Akatopa kutumiza ya ndiwo mwezi ndi mwezi, amafuna kuyambitsa kanthu koti kunyumba azidzithandiza nako. Amene amandiimbira foni ambiri amakhala atasankha kale nkhuku zoyera za nyama, poti zimakhwima pa masabata 6 okha. Kusankha kumeneko si kolakwika. Koma liwiro lomwelo ndi limene limapweteka munthu amene ali kutali, chifukwa chimene chalakwika Lolemba mukachimva Lamlungu, nkhuku zabwerera kale m'mbuyo ndipo sizidzapezanso thupi lomwe zataya.

Ndikufotokozereni za bambo wina wowotcherera zitsulo ku Joni. Anagwirizana ndi alamu ake, mkazi wa mng'ono wake, amene amakhala ku Mtendere, mayi wakhama ndi wosaba ngakhale singano. Anatumiza ndalama yonse pakamodzi pa Mukuru: ya anapiye 100, ya matumba 8 a chakudya a makilogalamu 50, ya katemera ndi ya utuchi. Atawerengetsera anapeza kuti nkhuku 76 ndizo zibweze mpamba, zotsalazo ndiye phindu. Unali mwezi wa Juni.

Makala sanawaike pa mndandanda. Mwanapiye wa sabata loyamba amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 32, ndipo usiku wa Juni ku Lusaka mukuudziwa. Mbaula inali imodzi, imazima cha m'ma 2 koloko, anapiye n'kuunjikana pakona mpaka ena kufa ndi kupsinjana. Pomatha masabata awiri anali atafa 17. Sabata lachinayi kunagwa maliro ku Katete. M'nyumbamo ndalama imene inalipo inali ya matumba awiri a chakudya amene anali asanagulidwe, ndiye inapita pa basi ndi pa chipepeso. Nkhuku zinadya gaga masiku asanu. Sabata lachisanu ndi chimodzi litakwana, wogula aliyense akanyamula nkhuku amaibweza pansi, akuti yapepuka. Zinakhala mpaka masabata 8, ndipo bamboyo anatumizanso ya matumba ena 4. Mwa nkhuku 83 zotsala, 5 zinadyedwa pakhomo ndi alendo, 22 zinapita pa ngongole ya “ndidzapereka mwezi ukatha”, ndipo 9 mwa izo mpaka lero sizinalipidwe. Ndalama imene inalowa inali ya nkhuku 69, pamene chakudya analipira cha matumba 12.

Atandiimbira mawu ake anali akuti, “Alamu anga andidyera ndalama.” Ndinamuuza kuti palibe ngwee imene mayiyo anaika m'thumba mwake. Chimene chinalakwika ndi mmene ndalama inachokera ku Joni.

Ndalama ya nkhuku isamafike m'nyumba ngati ndalama. Ikangokhala m'foni ya m'bale wanu, yasanduka ya banja, ndipo tsiku la maliro kapena la mwana kudwala palibe munthu wamtima amene angaisiye kuti akagulire nkhuku finisha, chakudya chawo chomaliza. Inunso mukanakhalapo simukanatero. Choncho pezani sitolo imodzi ya zakudya za ziweto yoyandikira, kambiranani ndi mwini wake, muzilipira mwachindunji pa nambala yake ya Airtel Money kapena MTN, m'bale wanu azingopita kukatenga katundu ndi kukutumizirani chithunzi cha lisiti. Lipirani m'zigawo zitatu monga mmene chakudya chimasinthira: sitata pamodzi ndi anapiye, katemera ndi makala, kenako golowa, pomaliza finisha. Chigawo chilichonse chilipidwe kutatsala masiku atatu kuti cham'mbuyo chithe. Ya mavuto a pakhomo muzitumiza payokha monga kale; gulu loyamba la nkhuku silingasenze banja.

Nkhani yachiwiri ndi imene anthu amachita nayo manyazi: malipiro a wosamalira. Timaganiza kuti poti chibale n'fupa, kutchula malipiro n'kunyoza. Koma taonani ntchitoyo. Kudzuka kawiri usiku kusonkheza mbaula, kutsuka zomwera m'mawa uliwonse, kutembenuza utuchi ukanyowa, ndipo kumapeto nkhuku 100 zimamwa zigubu ziwiri za malita 20 patsiku, mu Okutobala kuposa apo, madzi ake ochita kukatunga. Munthu wogwira ntchito yotereyi kwaulere amadzilipira yekha mwa njira ina, ndipo simungamudzudzule. Gwirizanani anapiye asanafike, pakhale ndi wamkulu mmodzi wa m'banja womvera. Ine ndimakonda kuti gawo lake lichokere pa phindu, mwina gawo limodzi mwa atatu, chifukwa apo nkhuku iliyonse yakufa imamuwawa nayenso. Za ndiwo za pakhomo zitchulidwenso poyera, zitatu kapena zinayi, zilembedwe.

Tsopano mudziwa bwanji zimene zikuchitika m'khola muli kutali chonchi? Kufunsa kuti “nkhuku zili bwanji, alamu?” yankho lake ndi limodzi, “zili bwino, alamu.” Kanema wa nkhuku zikuyendayenda nayenso sathandiza, palibe angawerenge nkhuku zoyera 90 pafoni. Chimene chimanena zoona ndi matumba otha ndi sikelo.

Nkhuku zoyera zimadya mwa muyezo wodziwika. Zikakhala 100, pomatha masabata awiri zimakhala zitamaliza thumba limodzi kapena kupitirirako pang'ono. Pomatha masabata anayi, matumba ngati 4. Pomatha masabata 6, matumba 8 kapena 9. Kulemera kwake nakonso kuli ndi njira yake: mwanapiye amabwera ndi magalamu pafupifupi 40, pa tsiku la 7 ayenera kuchulukitsa kanayi kapena kuposa, pa masabata anayi akhale atadutsa kilogalamu imodzi ndithu, pa masabata 6 adutse makilogalamu awiri. Ndiye Lamlungu lililonse pemphani zinthu zitatu pa WhatsApp: chithunzi cha matumba otha atayalidwa pansi pafupi ndi odzaza, nambala ya zimene zafa sabata limenelo, ndi kulemera kwa nkhuku 10 zogwidwa mwachisawawa, osati zonenepa zokha. Kasikelo kopachika kamene amagulitsa m'tauni n'kokwanira. Zing'onozing'ono aziika zonse 10 m'ndowa imodzi.

Manambala atatuwa mukawaika pamodzi amakuuzani pomwe pali vuto. Matumba akamatha msanga koma nkhuku zili zopepuka, chakudya chikutayika: mwina zodyera zili pansi kwambiri ndiye zikupalasa, mwina makoswe, mwinanso wina akutapa m'kachidebe kukagulitsa kwa oyandikana nawo, kawirikawiri achinyamata a pakhomo pomwepo mayi asakudziwa. Zodyera zizikwezedwa kufika pa msana wa nkhuku pamene zikukula. Matumba akamachedwa kutha pamene nkhuku zikulemera bwino, m'kholamo muli nkhuku zochepa kuposa zimene mukuuzidwa. Akamachedwa kutha nkhukunso zili zopepuka, zikudwala, zikusowa madzi, kapena chakudya chikusakanizidwa ndi gaga. Pa imfa, nkhuku zisanu mwa 100 pa gulu lonse n'zozolowereka. Zikafa zitatu kapena zinayi tsiku limodzi, musadikire Lamlungu ndipo musagule mankhwala mongoganizira. Yakufayo aikulunge m'pulasitiki apite nayo kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Ku Showgrounds kuli Livestock Services kumene alimi ambiri a nkhuku amagula katemera ndi kufunsa nzeru.

Ndinene izi kwa inu muli kunja: musadzakalipe mukamva kuti zafa. Mukakalipa kamodzi, sabata lotsatira mudzauzidwa kuti sizinafe, ndipo chiwerengero chanu chonse chasokonekera.

Katemera wa matenda a gumbolo ndi wa chitopa ali ndi masiku ake, onse mkati mwa masabata atatu oyamba. Tsatirani pepala limene ogulitsa anapiye amapereka, ndipo masikuwo muwalembe m'foni mwanu kuti muzikumbutsa dzulo lake. Katemera amayenda m'botolo la madzi oundana, akasungunulidwa nkhuku zimwe m'maola awiri.

Pamene phindu limathera kwenikweni ndi kumapeto. Nkhuku ya masabata 6 imadya magalamu oyandikira 200 patsiku, kutanthauza kuti zikakhala 100 thumba limatha masiku atatu asanakwane. Mtengo wake pamsika sukwera molingana ndi zimene yadyazo. Sabata limodzi lochedwa ndi matumba pafupifupi atatu opita pachabe. N'chifukwa chake ogula amafunidwa pa sabata lachinayi: amayi ophika nsima pamsika, ogulitsa nkhuku zamoyo pamsika wa Soweto ku Lusaka ndi m'misika ya m'komboni, anzawo a pa chilimba, a kutchalitchi. Werengani masiku chobwerera kuti nkhuku zikhwime pamene anthu alandira malipiro, ndipo anapiye muwaitanitse molingana ndi tsiku limenelo. Kugulitsa 40 pakamodzi motsitsako pang'ono kumaposa kudikira wogula imodziimodzi masiku khumi. Ena amati tizipha n'kusunga mu filiji. Amene anayesa zimenezi mu 2024, madzi atatsika ku Kariba magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, adzakuuzani okha mmene nyama inkanunkhira.

Za ngongole, fodya n'uyu ali pamphuno. Koma kumbukirani kuti m'bale wanu amakhala ndi anthuwo, amakumana nawo pampopi, ndipo kukana kumamuvuta. Mumupeputsire katundu: anene kuti nkhuku ndi za alamu a ku Joni, ndipo ndalama imalipidwa pa nambala yapadera imene mwatsegulira nkhuku zokha. Mlandu wokana ukhale wanu, inu muli kutali simukumana nawo.

Bambo uja anayesanso mu Seputembala, anapiye 100 omwewo, alamu ake omwewo. Zinafa 4, zapakhomo zinali 3, ndipo 93 zinatha m'masiku asanu ndi limodzi, matumba 9. Pomwepo anafuna kulumphira pa 500. Ndinamuletsa. Nkhuku 10 zimafuna malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, ndiye khola la ku Mtendere lija, la mamita atatu kwa anayi, malire ake ndi 120, ndipo pulotiyo ndi ya lendi, mwini wake anali atayamba kale kudandaula fungo. Komanso ogula amene amamaliza nkhuku 90 pa sabata sangamalize 500. Tinagwirizana kuti achite magulu atatu otsatizana osaonjezerapo ndalama yochokera ku Joni, limodzi ligwe m'nyengo ya mvula pamene utuchi umanyowa msanga, ndipo pakati pa gulu ndi gulu khola lizichotsedwa manyowa, kutsukidwa, kupoperedwa mankhwala ndi kupuma masabata awiri. Manyowawo alamu ake amagulitsa kwa a madimba, ndipo imeneyo anagwirizana kuti ndi yawo, safunsidwa.